Liwiro la mumchenga: malipiro ndi mitengo m'mapulazi a ku Mashonaland

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Ankanena za anthu awiri othamanga pamalo poti phazi limamira: amene watsalira poyambira pomwe, kuti adzam'peze mnzake n'kovuta, ngakhale atathamanga mpaka kutulutsa lilime. M'mapulazi a fodya a kuno ku Mashonaland, kuyambira ku Marondera ndi Macheke mpaka ku Mvurwi, Banket, Karoi ndi Tengwe, othamanga awiriwo ndi malipiro a wantchito ndi mitengo ya m'sitolo. Onse amathamanga ndithu, palibe amene amaima. Vuto n'lakuti wantchito amaona liwiro la malipiro lokha, chifukwa limalembedwa papepala ndipo bwana amalilengeza pamaso pa gulu. Mitengo ndiye imayenda mwakachetechete, lero sopo, mawa mchere, mkuja basi ya ku Chinhoyi. Pakatha zaka zisanu munthu amangodabwa kuti chaka chilichonse akhala akumuwonjezera, koma ana ayamba kugona ndi phala.

Ine ndakalambira m'komboni, ndipo pa zaka zanga zamphamvu ndinkagwira buku la malipiro papulazi ina ya fodya. Ndiye zimene ndikambe pano si nkhani ya kandimverere amene anakanena za m'maluwa. Ndikufuna mwana aliyense wa m'komboni, ngakhale amene sukulu anailekezera panjira, adziwe kuwerengera yekha kuti malipiro ake a lero akulemera bwanji powayerekeza ndi a zaka zapitazo. Masamu ake ndi ochulukitsa ndi kugawa basi, koma ali ndi maenje angapo amene ngakhale aphunzitsi amagweramo.

Makolo athu amene anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi ndi ku Tete, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku Mthandizi, analibe vuto limeneli kwenikweni, ngakhale anali ndi mavuto ena oposa apa. Iwo ankalipidwa tikiti ikadzaza, ndiye kuti masiku 30 ogwiradi ntchito, ndipo pambali pa tindalamato ankalandira phoso: ufa, nyemba, mchere, nthawi zina kanyama. Phoso likachepa, mayi wa pakhomo ankadziwa tsiku lomwelo, chifukwa chitini choyezera sichinama. Dziko litalandira ufulu mu 1980, boma linakhazikitsa malipiro otsikitsitsa amene wantchito wa papulazi ayenera kulandira, madola 30 pamwezi, ndipo mu 1982 anafika pa madola 50. Kunali chisangalalo m'makomboni, ndipo chinali choyenera. Koma eni mapulazi ambiri anasiya kupereka phoso, n'kunena kuti popeza ndalama mwalandira, ufa muzigula nokha. Kuyambira pamenepo moyo wathu wonse unamangiriridwa ku pepala la ndalama, ndipo chitini choyezera chija chinachoka m'manja mwathu.

Tsiku la malipiro ndimalikumbukira bwino. Tebulo pakhonde la ofesi, kapitawo ataima pambali akuitana maina, anthu pamzere kuyambira a kumabalani mpaka amayi a kuchigafa, manja ali bii ndi phula la fodya. Munthu asanalandire kalikonse ndinkayamba ndatsegula buku lina, la ngongole ya kusitolo ya papulazi, n'kuchotseratu za ufa, sopo, palafini ndi matemba zimene anatenga pakati pa mwezi. Zotsalazo ndiye zinkalowa mu envulopu, iye n'kudinda chala. Chimene ndinkaona chaka ndi chaka n'chakuti nambala ya m'buku la malipiro inkakwera, koma nambala ya m'buku la kusitolo inkakwera kuposa pamenepo, ngakhale katundu wotengedwayo anali yemweyo. Mdala wina wa kwa Kachindamoto, amene ankasonkhezera moto kumabalani, anandifunsa tsiku lina atasuzumira mu envulopu yake: “Akalaliki, kodi paja munati atiwonjezera? Nanga zowonjezerazo mwaika m'thumba liti?” Sindinam'bere. Chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono tiyeni tiziwerenge nyererezo. Titenge zaka zisanu zimene aliyense wamkulu kuno amazikumbuka, 1991 mpaka 1995, pamene boma linayamba ndondomeko ya chuma ija ya ESAP, n'kumasula mitengo imene kale linkaigwira, kenaka chilala choopsa cha 1992 n'kubwera pamwamba pake. Malinga ndi ziwerengero za boma, mitengo ya zinthu inakwera ndi pafupifupi 23 peresenti mu 1991, 42 mu 1992, 28 mu 1993, 22 mu 1994 ndi 23 mu 1995. Tiyerekeze munthu amene mu 1990 ankalandira madola 100 pamwezi. Nambalayi ndangoisankha kuti masamu aphweke. Tiyerekezenso kuti bwana wake sanali woumira, chaka chilichonse ankamuwonjezera 15 peresenti osaphonya.

Yambani ndi malipiro. Kuwonjezera 15 peresenti n'chimodzimodzi kuchulukitsa ndi 1.15. Chaka choyamba madola 100 aja asanduka 115. Chaka chachiwiri 15 peresentiyo ikuwerengedwa pa 115, osati pa 100, ndiye afika pa 132. Kenaka 152, kenaka 175, ndipo mu 1995 munthu wathu akulandira madola 201. Malipiro awirikiza kawiri pa zaka zisanu. Akalembera kalata abale ake ku Dedza, iwo aziti mwana wathu zikumuyendera ku Halale.

Tsopano chitani zomwezo ndi mitengo. Tengani dengu la katundu amene mu 1990 ankagulidwa ndi madola 100. Mu 1991 chulukitsani ndi 1.23, dengu lafika pa 123. Mu 1992 chulukitsani 123 ndi 1.42, lafika pa 175. Mu 1993 chulukitsani ndi 1.28, lafika pa 224. Mu 1994 lili pa 273, ndipo mu 1995 dengu lomwe lija, sopo yemweyo, ufa womwewo, likufuna madola 335. Mitengo yawirikiza katatu n'kupitirirako, kapena tinene kuti yachulukitsidwa ndi 3.35.

Chatsala n'kugawa. Malipiro a lero agaweni ndi nambala imene mitengo yachulukitsidwa nayo:

```
201 ÷ 3.35 = 60
```

Ndiye kuti madola 201 a mu 1995 akugula zimene madola 60 ankagula mu 1990. Munthu wathu uja, amene sanaphonyepo kuwonjezeredwa, wataya madola 40 pa 100 alionse. Pa matumba khumi a ufa amene ankatha kugula, tsopano akugula asanu ndi limodzi. Zili ngati thumba la chimanga lolowa anankafumbwe: ukaliona kunja n'lodzaza mpaka kukamwa, ukalinyamula ndi pamene umamva kuti lapepuka.

Dzenje loyamba lili pa kuphatikiza. Anthu ambiri amatenga maperesenti a zaka zonse n'kuwaunjika pamodzi: 23, 42, 28, 22 ndi 23, n'kupeza 138, n'kunena kuti dengu lija lafika pa madola 238. Pamenepa aphonya ndi madola pafupifupi 100 athunthu. Chifukwa chake n'chakuti kukwera kwa chaka chino kumakhala pamsana pa kukwera kwa chaka chatha. Ija 22 peresenti ya 1994 sinali ya madola 100 oyamba aja, inali ya madola 224, ndiye inawonjezera madola 49, osati 22. Paja amati pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mtolo uwu ndi wodabwitsa, chifukwa nkhuni iliyonse yoikidwa pambuyo imalemera kuposa yoyamba. Mukafuna kudziwa ngati munthu wagwera m'dzenje limeneli, m'funseni mtengo wa chinthu chimodzi chimene amachikumbukira bwino, botolo la mafuta ophikira kapena buledi, muone ngati yankho lake likugwirizana nacho. Nthawi zonse wophatikiza amapeza nambala yochepa kuposa imene ili pashelefu.

Dzenje lachiwiri ndi lija limene wailesi imatikumbira. Mu 1993 tinamva kuti kukwera kwa mitengo kwatsika, kuchoka pa 42 kufika pa 28 peresenti. Anthu ena anapita kusitolo akuyembekeza kuti shuga watsika mtengo, n'kubwerako akutukwana kuti boma likunama. Boma silinaname pamenepa. Chimene chinatsika ndi liwiro, osati mtengo. Dengu lija linachoka pa 175 kufika pa 224 m'chaka chomwecho chimene ankati zinthu zayamba kuyenda bwino. Ndiye bwana akakuuzani kuti chaka chino akuwonjezerani pang'ono chifukwa zinthu zakhazikika, dziwani kuti zimene munataya chaka chatha sizinabwerere, ndipo sizibwerera zokha. Madzi akatayika sawoleka.

Dzenje lachitatu ndi limene limapweteka kwambiri pokambirana ndi mabwana, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono. Munthu wathu uja wapeza kuti wataya 40 peresenti. Mwachibadwa apita kukapempha kuti amuwonjezere 40 peresenti kuti abwerere mwakale. Bwana atavomera, iye abwera kunyumba akuvina. Koma tawerengani: 40 peresenti ya 201 ndi 80, ndiye afika pa madola 281, pamene dengu lili pa 335. Akadali m'dzenje ndi madola 54. Chimene anafunika kuchita n'kugawa mtengo wa dengu ndi malipiro ake, 335 kugawa ndi 201, zimene zikupereka 1.67. Anayenera kupempha 67 peresenti, ndipo imeneyo si yoti alemere nayo, ndi yongomubwezera pamene anaima mu 1990. Potsika umawerengera pa nambala yaikulu, pokwera umawerengera pa yaing'ono, n'chifukwa chake njira yobwerera imatalika. Amene wataya theka amafunika kuwirikiza kawiri, 100 peresenti yathunthu. Ndipo ngakhale ataipeza 67 peresentiyo, palibe amene adzam'bwezere nsima imene ana ake sanadye pa zaka zisanu zija.

Mwina wina anena kuti agogo, izi n'zongoyerekeza. Chabwino, titenge zenizeni. Mu 1997 malipiro otsikitsitsa a wantchito wa papulazi anali pafupifupi madola 360 pamwezi. Poyerekeza ndi madola 50 a mu 1982, ndiye kuti anawirikiza kasanu n'kawiri n'kupitirirako pang'ono. Papepala n'zokoma ndithu. Koma mukatenga kukwera kwa mitengo kwa chaka chilichonse kuyambira 1983 mpaka 1997, n'kuchulukitsa motsatizana monga tachitira muja, mupeza kuti mitengo inawirikiza pafupifupi ka 14. Gawani 360 ndi 14, mupeza madola osafika 26. Wantchito wa mu 1997 ankalandira theka la zimene bambo ake ankalandira mu 1982. Kuti afanane nawo anafunika madola 700.

Chimene chimandipatsa maganizo pa nkhani imeneyi ndi kuchepa kwa mpata umene unabala zonsezi. Mukazigawa mofanana pa zaka 15 zija, malipiro ankakwera ndi pafupifupi 14 peresenti pachaka, mitengo ndi pafupifupi 19. Kusiyana kwake ndi 5 yokha. Palibe munthu amene anganyanyale ntchito chifukwa cha 5 peresenti ya chaka chimodzi. Amangoti tipirire, sunga khosi mkanda uoneka. Koma mkandawo sunaoneke, ndipo 5 ya chaka chino itakwera pa 5 ya chaka chatha kwa zaka 15, inadya theka la mphika.

N'chifukwa chake sitalaka ya m'mapulazi ya mu 1997, cha m'ma Seputembala ndi Okutobala, sinandidabwitse, ngakhale inadabwitsa anthu a m'tauni amene ankatiyesa anthu osadziwa kukwiya. Antchito anasiya makasu nthawi imene ntchito ya fodya imafuna manja, ena anatseka misewu, ndipo zinafalikira m'madera ambiri a kuno ku Mashonaland. Ankafuna kuwonjezeredwa 135 peresenti. Eni mapulazi anati imeneyo ndi misala. Tiiyeze misalayo: 135 peresenti ikanafikitsa malipiro pa madola 846, ndipo kugawa ndi 14 ndi madola 60 a mu 1982. Ndiye kuti anthu ankapempha kubwerera pamene anali zaka 15 zapitazo, n'kuwonjezerapo kagawo kamodzi mwa magawo asanu. Zokambirana za bungwe la antchito la GAPWUZ ndi oimira eni mapulazi zinathera pa 40 peresenti, malipiro n'kufika pa madola 500 n'kanthu. M'ndalama za mu 1982 amenewo ndi madola 36. Chinali chipambano, sindikana, chifukwa mutu umodzi susenza denga ndipo anthu anaona mphamvu yawo kwa nthawi yoyamba. Koma dzenje silinakwiririke.

Ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pasanathe miyezi iwiri, pa 14 Novembala 1997, dola ya Zimbabwe inagwa koopsa tsiku limodzi. Mu Januwale 1998 mtengo wa ufa utakwera, m'matauni munabuka zipolowe. Chaka chimenecho mitengo inakwera ndi pafupifupi 32 peresenti, ndipo madola 504 mukawagawa ndi 1.32 atsala 382. Zimene anthu anazimenyera pamsewu, chaka chimodzi chinatsala pang'ono kuzimeza zonse. Mu 1999 mitengo inakweranso ndi 58 peresenti.

Pali mfundo ina imene wochenjera aliyense wa mbali ya mabwana adzakuponyerani, ndipo muyenera kuiyembekezera. Adzati: bwanji mwasankha 1982 ngati poyambira? Ali ndi chifukwa chofunsira, popeza 1982 ndi chaka chimene malipiro a m'mapulazi anali pamwamba. Kuchoka pa madola 30 kufika pa 50 kunali kukwera kwenikweni: mitengo inangokwera ndi gawo limodzi mwa anayi pa zaka ziwirizo, ndiye madola 50 aja anali ngati 40 a mu 1980. Amene akufuna kuonetsa kuti zinthu zaipa amayambira pa chaka chabwino, ndipo amene akufuna kuonetsa kuti zakoma amayambira pa chaka cha njala. Njira yoongoka n'kuyesa poyambira pawiri kapena patatu, n'kuona ngati yankho likusintha nkhope. Pa nkhani yathuyi silisintha. Mukayambira mu 1980, mitengo inawirikiza pafupifupi ka 18 pofika mu 1997, ndipo 360 kugawa ndi 18 ndi madola 20, pamene poyamba anali 30. Kutayako kwachepa, kuchoka pa theka kufika pa gawo limodzi mwa atatu, koma kukadali kutaya.

Tsono ndisakunamizeni kuti nambala ya boma ndi uthenga wochokera kumwamba. Imene amalengeza a ofesi ya ziwerengero, imene lero imatchedwa ZIMSTAT, imachokera pa dengu la banja lapakatikati, ndipo m'dengumo muli lendi, magetsi, mafuta a galimoto ndi zina zimene munthu wa m'komboni sazidziwa n'komwe. Dengu lathu n'laling'ono ndipo chakudya ndicho chimadzaza. Chaka chimene ufa wakwera kuposa zinthu zina, monga zinkachitikira pamene boma linkachotsa dzanja lake pa mtengo wa ufa m'zaka za ESAP, wosauka amapwetekeka kuposa mmene nambala ya boma ikunenera. Onjezanipo kuti sitolo ya papulazi ilibe mnzake wopikisana naye. Tauni ili kutali, basi ndi ndalama, ndipo pakati pa mwezi amene angakukongoze ndi sitolo yomweyo.

Palinso zinthu zimene sizilowa mu envulopu koma ndi malipiro ndithu: nyumba ya m'komboni, nkhuni, madzi, kamunda kamene bwana amakulola kulima, chimanga chimene amakugulitsa motsika mtengo, thalakitala yonyamula wodwala usiku. Bwana akakuwonjezera 20 peresenti koma n'kukulanda kamunda, kapena kuyamba kukudula ndalama ya nyumba, uyenera kuika mtengo pa chimene walandidwacho n'kuchichotsera usanayambe kugawa. Chimodzimodzi mgwazo. Ngati kale mizere ya tsiku inali yakutiyakuti ndipo lero aiwonjezera, ndiye kuti ukugulitsa thukuta lambiri pa mtengo womwewo, ndipo zimenezi nambala ya boma singazione.

N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kabuku ka pakhomo kuposa wailesi. Sankhani zinthu zochepa zimene banja lanu limagula mwezi uliwonse, zisapitirire zisanu n'chimodzi: thumba la ufa la makilogalamu 10 kapena ndowa ya chimanga, botolo la mafuta ophikira la malita awiri, shuga wa makilogalamu awiri, mtanda wa sopo, mchere, ndi mtengo wa basi yopita kutauni imene mumapitako. Lembani kuchuluka kwake kamodzi, ndipo musakusinthenso. Pa tsiku la malipiro lembani mtengo wa dengu lonselo ndi ndalama zimene mwalandira, n'kugawa malipiro ndi mtengo wa dengu. Yankho lake ndi madengu amene mwezi wanu wagula. Ngati chaka chatha anali atatu ndipo lero ndi awiri ndi theka, simufunikanso wina wodzakuuzani.

Koma kabukuka kali ndi malamulo ake. Yerekezani mwezi ndi mwezi womwewo wa chaka china. Ndowa ya chimanga mu Meyi, anthu atangokolola, ndi ndowa yomweyo mu Januwale, si mtengo umodzi, ndipo mukasakaniza miyezi mudzaona kukwera kumene kulibe kapena kuphonya kumene kulipo. Yang'ananinso kulemera kwa katundu, chifukwa ogulitsa anaphunzira kusiya mtengo pomwepo n'kuchepetsa mtanda wa sopo. Ndipo musalowetse chinthu chotsika m'malo mwa chimene munkagula kale. Mukasiya nyama n'kuyamba kulemba masoya, kabuku kadzakuuzani kuti zinthu zili bwino pamene umphawi walowa kale m'nyumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masamu a chaka ndi chakawa ali ndi malire ake, ndipo ife a kuno tinawaona malirewo ndi maso. Boma lenilenilo linalengeza kuti pofika mu Julayi 2008 mitengo inali itakwera ndi 231 miliyoni peresenti pachaka. Pamenepo panalibenso zowerengera, malipiro ankatha mphamvu munthu ali pamzere. Maziro anachotsedwa pa ndalama katatu: atatu mu 2006, khumi mu 2008, ndi khumi ndi awiri mu 2009, chaka chimene tinayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi randi. Kenaka kunabwera mabondi mu 2016, dola ina ya Zimbabwe mu 2019, ndi ZiG mu Epulo 2024. Ndalama ikasintha dzina, unyolo wochulukitsa uja umaduka, ndipo amene angayese kuyerekeza malipiro a mu 2005 ndi a lero podutsa m'maziro onsewo adzangodzipweteka mutu. Chimene chimawoloka mitsinje yonseyi osanyowa ndi dengu lija. Funso lakuti mwezi wanga unkagula ndowa zingati za chimanga limayankhika m'ndalama iliyonse.

Adzukulu anga amene akugwira ntchito m'mapulazi a masiku ano, kwa alimi amene analandira minda chitatha chaka cha 2000, ali ndi mutu wina umene ife tinalibe. Ena amalandira gawo m'madola a ku America, gawo m'ndalama ya dziko. Mapanga awiri avumbwitsa. Mu Seputembala 2024 banki yaikulu inatsitsa mphamvu ya ZiG tsiku limodzi, kuchoka pa pafupifupi 14 kufika pa 24 n'kanthu pa dola imodzi ya ku America. Munthu amene gawo lake linali ZiG 1,400 anagona ali ndi madola 100, n'kudzuka ali ndi madola osafika 60, pepala la malipiro lisanasinthe ngakhale kadontho. Wotere aziwerengera magawo awiriwo padera, ndipo gawo la ZiG azilisintha pa mtengo umene sitolo yake imalandirira, osati wa m'nyuzipepala. Mdzukulu wanga wina anandiuza kuti, “Agogo, ife za madola a ku America sizitikhudza zimenezo, dola ndi dola.” Ndinamufunsa kuti botolo la mafuta ankagula madola angati pamene ankayamba ntchito, nanga lero akugula angati. Anayamba kuwerenga zala, osamalizanso mawu ake. Dola ya ku America nayonso imadyeka, kungoti imadyeka mwaulemu.

Abale athu a kumudzi asaganize kuti iyi ndi nkhani ya matchona okha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mphunzitsi wa ku Dedza kapena wothyola tiyi ku Thyolo amene anawonjezeredwa 10 kapena 15 peresenti m'zaka zimenezi angathe kutenga masamu omwewa n'kuika manambala ake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa inu amene muli m'makomiti a antchito, pempho langa ndi ili. Nthawi yokambirana malipiro ikafika, musapite ndi mawu akuti zinthu zadula, chifukwa bwana nayenso adzakuuzani kuti feteleza wadula, malasha a kumabalani adula, ndipo mtengo wa fodya kumsika sunakwere, ndipo mwina sakunama. Pitani ndi pepala limodzi lokhala ndi manambala anayi: malipiro a chaka chimene mwasankha ngati poyambira, malipiro a lero, mtengo wa dengu nthawi imeneyo, ndi mtengo wa dengu lero. Gawani mtengo wa dengu wa lero ndi wakale, yankholo muchulukitse ndi malipiro akale, ndipo nambala imene yatulukayo ndiyo malipiro ongokubwezerani pamene munali. Zokambirana za kuwonjezera ziyambire pamwamba pa nambala imeneyo. Amene simunayambe kulemba, gulani kabuku tsiku la malipiro likubwerali, ndipo mukalembe mitengoyo muli m'sitolo momwemo, musanaiwale.